Yankho la kalata yanu yotsimikizira ngongole ya pa 31 Disembala 2024

Limbe, 20 Januwale 2025

Kwa Oyendera Mabuku a Ndalama,

Talandira kalata yanu ya pa 13 Januwale yopempha kuti titsimikize ndalama zimene kampani yomanga nyumba ya ku Zomba, imene mukuyendera mabuku ake, inali isanatilipire pofika pa 31 Disembala 2024. Mwalemba kuti ndi K8,450,000. Pepani, chiwerengero chimenechi sitikuvomereza. M'mabuku athu ngongoleyi ndi K13,671,000, ndipo kusiyana kwa K5,221,000 ndakulondola konse.

Chachikulu ndi simenti. Pa 30 Disembala lole yathu inatula matumba 120 pamalo amene akumanga, thumba limodzi K25,000. Pamodzi ndi msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti, invoisi yake ndi K3,495,000. Kapitawo wawo anawerenga matumbawo n'kusaina pepala lolandirira katundu tsiku lomwelo, ndipo chidindo cha tsikulo chikuoneka bwinobwino. Ndikuganiza kuti ofesi yawo inali itatseka chifukwa cha Khirisimasi, choncho analemba invoisiyi mu Januwale. Koma katundu anali m'manja mwawo chaka chisanathe, ndiye ngongole imeneyi ndi ya 2024. Chonde muionetsetse.

Palinso cheke cha K1,200,000 cholembedwa pa 27 Disembala. Iwo anachichotsa pa ngongole tsiku lomwelo, koma kwa ife chinafika pa 6 Januwale, ndipo tinakachiika kubanki m'mawa mwake.

Pa malata, cholakwa ndi chathu. Anatibwezera malata opindika a K466,000 pa 18 Disembala, ife n'kuchedwa kulemba pepala lowachotsera ndalamazo mpaka pa 14 Januwale. Anachita bwino kuchotseratu.

Yotsala ndi K60,000. Potilipira mu Novembala anadula 3 peresenti pa katundu wa K2,000,000 ngati msonkho wopita ku MRA, koma satifiketi yake sitinailandirebe. Popanda satifiketi imeneyo sitingathe kuonetsa ku MRA kuti msonkhowo unalipiridwa m'dzina lathu, n'chifukwa chake ndalamayi ikadali pa akaunti yawo. Ikangofika tiifufuta.

Mwafunsanso za chikole ndi chiwongoladzanja. Sitinasunge chikole chilichonse, ndipo sitinawalipiritse chiwongoladzanja. Pangano lathu ndi loti azilipira pasanathe masiku 30 chilandirireni invoisi.

Ndaphatikiza sitetimenti ya akaunti yawo kuyambira Okutobala mpaka Disembala, kope ya invoisi ya simenti, pepala limene kapitawo anasaina, ndi silipi ya kubanki ya chekecho. Monga munapempha, kalatayi ndatumiza mwachindunji kwa inu, osadutsira kwa kasitomala wathu. Ngati mungafune kuona mapepala enieniwo, bwerani ku ofesi yathu ku Limbe tsiku lililonse lantchito, ndidzakutulutsirani.

Ndine wanu,

Mkulu Wowerengera Ndalama