Yankho langa pa pempho loti ndisasiye ntchito

6 Juni 2025

Okondedwa Mayi Chirwa,

Zikomo chifukwa cha nthawi imene munandipatsa Lachitatu lapitali, komanso kalata imene munanditumizira madzulo a tsiku lomwelo. Ndinakupemphani kuti ndikaganize kaye, ndipo ndaganizadi mofatsa. Pepani, sinditha kulandira zimene mwandikonzera. Kalata yanga yosiya ntchito ya pa 30 Meyi ikhale momwe ilili, ndipo tsiku langa lomaliza likhalabe Lolemba pa 30 Juni. Ndayamba ndi yankholi kuti musachedwe kufunafuna munthu wodzalowa m'malo mwanga.

Zimene mwandikonzerazo si zazing'ono. Kukweza malipiro anga ndi 20 peresenti ndi kundipatsa udindo wa wachiwiri kwa mkulu wa za chuma, bajeti ya chaka chino itavomerezedwa kale, ndikudziwa kuti sizinangochitika zokha. Munachita kukandilankhulira kwa akuluakulu, ndipo zimenezi zandikhudza mtima kwambiri.

Kukanakhala kuti vuto ndi malipiro, ndikanabwera kudzakambirana nanu ndisanalembe kalata iliyonse, chifukwa simunandikanizepo kulankhula zakukhosi. Kalata ija sindinailembe ngati njira yopemphera ndalama zowonjezera. Chikundichotsa ndi mtundu wa ntchito. Chimalizireni mayeso anga a za maakaunti, mtima wanga wakhala uli pa ntchito ya uodita, yofufuza mabuku a makampani osiyanasiyana. Kuno maodita amabwera kamodzi pachaka, ndipo mbali yanga imakhala kuwakonzera mafayilo ndi kuyankha mafunso awo. Udindo watsopanowu ukanandiwonjezera anthu owayang'anira komanso misonkhano, koma ntchito yeniyeni ikanakhala yomweyi: kutseka mabuku kumapeto kwa mwezi, kulipira ogwira ntchito, kulondola ngongole. Ndi ntchito yabwino, ndipo ndaiphunzira kwa inu. Kungoti imene ndikuifunayo kampani ino ilibe, ndipo limeneli si vuto la wina aliyense.

Chinanso, kumene ndikupitako ndinasayina kale mgwirizano ndipo akundiyembekezera pa 7 Julayi. Ena amene anafunsira nawo ntchitoyo anauzidwa kale kuti malo atha. Kubweza mawu pano sikungakhale chilungamo, ndipo inunso simungakondwe munthu atakuchitani zotere.

Ndilankhulenso mosabisa ngakhale simunandifunse. Ndikanati nditsale, tonse sitikanamasuka. Inu mukanamadzifunsa kuti kodi ameneyu adzalembanso liti kalata ina, ndipo anzanga mu ofesi akanaphunzirapo kuti malipiro amakwera munthu akaopseza kuchoka. Sindikufuna kukusiyirani zimenezo. Ngati udindo wa wachiwiri uja ukhalepobe, muganizireko a Chikondi Mvula. Akhala akundigwirira ntchito ndikakhala pa tchuthi, ndipo chaka chatha anatseka okha mabuku a mwezi wa Disembala popanda cholakwika.

Masabata atsalawa ndikufuna kuwagwiritsa ntchito motere. Pofika pa 13 Juni ndikhala nditalemba ndondomeko yonse ya kakonzedwe ka malipiro ndi misonkho, pamodzi ndi mndandanda wa ngongole zonse, zathu ndi za amene sanatilipire. Malipiro a mwezi uno ndikufuna awakonze amene mumusankheyo ine ndili pambali, kuti mafunso atuluke ndikadalipo. Chofunika kuchiyamba msanga ndi cha kubanki: dzina langa lichotsedwe pa osayinira ndipo lina lilowe, chifukwa zimenezi zimafuna chilolezo cha bodi ndipo zimatenga nthawi. Tikazengereza, ndalama za amene amatigulitsa katundu zidzachedwa kutuluka mu Julayi. Laputopu, makiyi ndi chiphaso ndidzapereka tsiku lomaliza.

Ndikupemphanso kuti a ofesi yoona za ogwira ntchito andiwerengere masiku a tchuthi amene ndatsala nawo, andikonzerenso mapepala a penshoni ndi kalata yondichitira umboni. Anzathu mu dipatimenti sindinawauze za zokambirana zathu za Lachitatu, ndipo sindiwauza. Za kuchoka kwanga, mundiuze ngati mukufuna kulengeza nokha kapena tiwauzire limodzi.

Munandilemba ntchito zaka 6 zapitazo ndikungochoka kumene kukoleji, ndipo munapirira nane pamene ndinkaphunzira. Zambiri zimene zandipezetsa ntchito yatsopanoyi ndazidziwira pansi pa utsogoleri wanu. Ndikadzachoka, nambala yanga ya foni ikhala yomweyi. Wolowa m'malo mwanga akasowa fayilo kapena akakodwa penapake m'miyezi yoyambirira, asaope kundiimbira.

Ngati muli ndi mpata Lolemba m'mawa, ndingakonde tikhale pansi tione ndondomeko yosiyirana ntchitoyi.

Ine wanu,

Tamanda Nyirenda
Wowerengera za chuma