Mutu: Pempho loti mutsegule akaunti yanga yomwe yatsekedwa molakwika

Okondedwa a nthambi yothandiza makasitomala,

Ndikulemba kalatayi kudandaula za akaunti yanga ya dzina lakuti nabanda_zosoka, yomwe munaitseka pa 14 Malichi ponena kuti munthu wachilendo analowamo. Amene analowayo ndine ndemwe, ndipo ndikuganiza kuti makina anu anandikayikira chifukwa tsikulo ndinagwiritsa ntchito foni yatsopano, yakale itagwera m'madzi, ndipo ndinalakwitsa mawu achinsinsi katatu.

Pofuna kutsimikizira kuti akauntiyi ndi yanga, ndaphatikiza chithunzi cha chiphaso changa, lisiti ya malipiro a mwezi wa Febuluwale, komanso uthenga umene munanditumizira pamene ndinkaitsegula mu 2019, womwe unabwera pa imelo yomwe ndikulemberayi. Pa chiphasocho ndabisa nambala yokha, koma dzina ndi nkhope zikuoneka bwino.

M'akauntimo muli maoda a makasitomala anga amene akudikira yankho kwa masiku asanu tsopano, choncho ndikupempha kuti muunikenso chigamulo chanu mwamsanga. Ngati pakufunika umboni wina, chonde ndiuzeni pa imelo yomweyi.

Ine wanu,
Esnati Nabanda