Matumba 180 a mtedza anyamuka lero, 120 otsala afika pa 25 Julayi

Kamwendo, Mchinji
Lachitatu, 16 Julayi 2025

Okondedwa Mayi,

Tikupatsani moni ife a gulu la alimi a mtedza kuno kwa Kamwendo. Kaya inu ndi antchito anu ku Kanengoko muli bwanji?

Lole yanyamuka pano 9 koloko mmawa uno, koma sinanyamule katundu yense amene munaitanitsa. Tinapangana matumba 300 a mtedza wosenda wa CG7, thumba lililonse la makilogalamu 50. Amene tapakira ndi 180, omwe ndi matani 9. Matumba 120 otsalawo tidzawatumiza Lachisanu pa 25 Julayi, ndipo adzafika kwanuko tsiku lomwelo isanakwane 12 koloko masana. Pepani kwambiri, chifukwa tinalonjeza kuti zonse zibwera ulendo umodzi.

Loleyo yadzera msewu wa M12, ndipo dalaivala watiimbira ali pa Namitete. Ali ndi chikalata cha katundu, mapepala awiri. Mukawerenga matumba musayine onse awiri, limodzi musunge, linalo abwere nalo kuno. Tinapima thumba lililonse pa sikelo ya gulu tisanasoke. Ngati sikelo yanu iwerenge mosiyana, mulembe pa chikalata pomwepo dalaivala akuona, kuti tisadzakangane mawa.

Mtedza wotsalawo ulipo, uli mnkhokwe yathu, sitinagulitse kwa wina. Tikutero dala, poti mukudziwa kuti mavenda ali ponseponse ndi masikelo awo nyengo ino, ndipo mwina mungaganize kuti tatengeka ndi mtengo. Ayi ndithu. Vuto ndi chinyontho. Lolemba tikupima ndi kamakina kaja koyezera chinyontho, matumba ochokera ku makalabu awiri anawerenga pakati pa 10 ndi 11 peresenti, pomwe inu munanenetsa kuti zisapitirire 8. Titafunsa bwinobwino, zinadziwika kuti mamembala ena anawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda. Ndi chizolowezi chakale chimenechi, zala zimapweteka munthu ukamasenda matumba ambiri, koma ife tinaletsa pa msonkhano ndipo eni akewo akudziwa kuti analakwa.

Mkomiti munali ena amene ankati tingosakaniza ndi wouma uja, simudzazindikira. Tinakana. Mtedza wonyowa ukasokeredwa mthumba umachita chuku, ndipo poizoni wa chukuyo satha ngakhale mukazinge mtedzawo. Inu mumapera chiponde chomwe amadya ndi ana. Komanso thumba limodzi loipa likanapezeka kwanuko, mukanakhala ndi chifukwa chobwezera lole yonse, ife nkutaya ndalama ya mafuta pamodzi ndi dzina lathu.

Choncho tamasula matumba onse 120 ndipo tayanika mtedzawo pa malona. Kukanakhala kwa dzuwa bwenzi titamaliza msanga, koma sabata ino kukuchita mitambo ndi kamphepo kozizira. Ukauma, amayi a gulu asankhanso ndi manja kuchotsa mphwephwa, wosweka ndi wakuda. Posankhapo makilogalamu achepa, izi tikudziwa, ndipo kalabu ina yavomera kale kutiwonjezera wouma kuti matumba akwane 120 enieni. Tikuganiza kuti pofika Lachitatu pa 23 tikhala titasoka, koma tatchula pa 25 kuti tisakunamizeni kawiri. Mwini lole tapangana naye kale za tsikulo.

Pa nkhani ya ndalama, mtengo ndi womwe uja wa K2,800 pa kilogalamu, ngakhale pamsika utakwera masiku amenewa. Katundu wa lero akukwana K25,200,000. Tikachotsa K14,000,000 yomwe munapereka poyamba, yotsala ndi K11,200,000, ndipo mukhoza kuika ku akaunti ya gulu ku banki mukakhutira ndi mtedzawo. Ya matumba 120, yomwe ndi K16,800,000, musatumize mpaka mutawalandira. Ulendo wachiwiriwu mayendedwe tilipira ndife, popeza kuchedwaku kwachokera kwathu.

Ngati matani 9 sakufikitsani pa 25, tiuzeni msanga. Tikhoza kutumiza matumba 30 amene ayambe kuuma pa galimoto yaing'ono Lolemba pa 21, ngakhale kuti ife tikanakonda kuti onse adutsenso kaye pa kamakina kaja. Ndipo ngati mungafune kutuma munthu wanu kuti adzaone yekha mtedza uli pa malonawu, abwere tsiku lililonse kupatula Lamulungu, adzatipeza pa nkhokwe.

Lole ikafika, chonde tiimbireni pa nambala yomwe ija kuti mitima ikhale pansi.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu, mmalo mwa wapampando ndi komiti yonse