Phunziro loyamba la za khalidwe: pakati ndi pati?

Mwezi wa Juni, mwera ukamaomba, pitani kugombe la ku Makawa chakumadzulo mukaone asodzi atatu. Woyamba akangomva kamphepo amakokera bwato kumtunda, sabata n'kutha ana akudyera thelere lokhalokha. Wachiwiri amaliza injini mafunde ali kusefukira m'bwato, ati mwamuna saopa madzi. Wachitatu amaima kaye, kuyang'ana nyanja, kufunsa amene angokocheza kumene. Mwina alowa, mwina auza anyamata ake adikire mphepo igone.

Aristotle, Mgiriki amene anabadwa mu 384 n'kumwalira mu 322 Yesu asanabadwe, akanati wolimba mtima ndi wachitatuyo. Woyamba mantha amuchulukira, wachiwiri amuchepera. Iye ankaphunzitsa kuti khalidwe labwino limakhala pakati pa zoipa ziwiri, kunyanya ndi kuperewera. Funso lake lalikulu silinali lakuti lamulo likuti chiyani. Ankafunsa kuti, kodi ndikhale munthu wotani? Ife amene tinakulira mawu akuti umunthu, funsoli si lachilendo.

Pomwe ambiri amasokonekera ndi pa mawu akuti pakati. Si masamu ayi. Msuweni wanu akakupemphani K20,000, sindiye kuti mumpatse K10,000 n'kudzitcha woolowa manja. Ngati mwana wake wagonekedwa kuchipatala, pakati pakhoza kukhala ndalama yonseyo, ndi ya thiransipoti pamwamba. Ngati aka n'kachinayi ndipo zam'mbuyomu zinathera ku bawa, pakati ndi kukana, kapena kumugulira ufa nokha. Woumira ndi womwaza onse amalakwa mofanana pa chinthu chimodzi: safunsa kuti ndani, zingati, liti, chifukwa chanji.

Luso lofunsa ndi kuyankha mafunso amenewa Agiriki ankalitcha foronesisi, nzeru zodziwa chochita pamene zinthu zakufikira. Siliphunziridwa m'kalasi mokha. Aristotle ankati mwana akhoza kukhala katswiri wa masamu, koma nzeru izi zimafuna zaka. Pamenepa ndimagwirizana naye pang'ono chabe, chifukwa imvi zopanda nzeru tonse tinazionapo.

Nanga khalidwe limachokera kuti? M'chizolowezi. Mmisiri amakhala mmisiri pomanga nyumba, wachilungamo amakhala wachilungamo pochita zachilungamo. Mayi wogulitsa usipa mumsika wa pa boma amene amabweza chenji chonse, ngakhale wogula sanawerenge, pakapita zaka saganizanso kawiri. Dzanja limangobweza lokha.

Musanamizidwe kuti chilichonse chili ndi pakati pake. Kuba, kupha ndi chigololo, Aristotle anati n'zoipa kale, palibe kuba kwa pamlingo.

Tisanakumane Loweruka likubwerali, aliyense aganizire nthawi imodzi imene anakwiya sabata ino. Mulembe m'kope kuti munakwiyira ndani, pa nkhani yanji, mkwiyowo unatha nthawi yaitali bwanji, ndipo munthu amene mumamulemekeza kwambiri kwanuko akanatani.