Kawiri, kenako 30: kusintha Seshasi kukhala Farenihaiti ndi mutu wokha

Tengani nambala ya madigiri a Seshasi, muichulukitse kawiri, kenako muwonjezerepo 30. Njira yachangu ndi yomweyo basi. Kunja kukakhala 20°C, 20 kawiri ndi 40, kuwonjezera 30 ndi 70, ndiye kuti pa Farenihaiti kuli cha m'ma 70°F. Kukakhala 15°C, 15 kawiri ndi 30, kuwonjezera 30 ndi 60. Mwamaliza musanapise n'komwe dzanja m'thumba kufuna foni.

Ine ndinakulira ku Chikwawa, ndipo pano ndimakhala ku South Bend m'boma la Indiana ku America, kumene wailesi, uvuni, kachipangizo kosinthira kutentha m'nyumba ngakhalenso anamwino, onse amayankhula Farenihaiti. Thupi langa limamva Seshasi. Mukandiuza 40 ndimadziwa kuti ndi Okutobala wa ku chigwa cha Shire, pamene mchenga umawotcha mapazi ndipo mbuzi zimaunjikana pansi pa mtengo wa nimu. Tsiku lina ndikuwauza anzanga kuntchito kuti kwathu kumafika 40, mmodzi anandifunsa ngati timavala majekete. Kwa iye 40 ndi m'mawa wozizira wofuna chipewa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kusintha manambala ndisanatsegule pakamwa.

Koma njira ya kawiri ndi 30 ili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene andichititsa kuti ndilembe izi.

Masamu enieni ake ndi awa:

```
F = C × 9/5 + 32
```

Madzi amaundana pa 0°C ndipo amawira pa 100°C, pakati pake pali masitepe 100. Pa Farenihaiti madzi omwewo amaundana pa 32°F n'kuwira pa 212°F, pakati pake pali masitepe 180. Mtunda ndi umodzi, kungoti wina waudula magawo 100, wina magawo 180. Choncho digiri imodzi ya Seshasi ndi madigiri 1.8 a Farenihaiti, ndipo 32 uja amabwera chifukwa awiriwa sayambira malo amodzi kuwerenga. Daniel Gabriel Fahrenheit anakonza muyeso wake mu 1724, ndipo Anders Celsius wa ku Sweden anabwera ndi wake mu 1742. Sanakhalirane pansi kuti manambala awo azikumana, n'chifukwa chake ife tikuvutika ndi 1.8 lero.

Tsono njira yachangu ija imachita zinthu ziwiri. Imakweza 1.8 kukhala 2, n'kutsitsa 32 kukhala 30. Kwinaku yawonjeza, kwinaku yachepetsa, ndipo pa 10°C zolakwika ziwirizi zimafafanizana ndendende: 10 kawiri ndi 20, kuwonjezera 30 ndi 50, ndipo 10°C ndi 50°F yeniyeni. Mukamachoka pa 10, yankho limayamba kusemphana ndi loona, digiri imodzi pa madigiri asanu alionse a Seshasi. Pa 15 mupeza 60 pomwe yeniyeni ndi 59. Pa 20 mupeza 70 m'malo mwa 68. Pa 30 mupeza 90 m'malo mwa 86, ndipo pa 40 ya kwathu ija mupeza 110 pomwe yoona ndi 104. Kunsi kwa 10 yankho limaperewera: pa 0 mupeza 30 m'malo mwa 32.

Pa nkhani ya nyengo zimenezi sizivulaza munthu. Kaya kunja kuli 68 kaya 70, juzi yomwe muvale ndi imodzimodzi. Pakati pa 0 ndi 30, pomwe masiku ambiri a moyo wathu amagwera, njirayi siphonya kuposa madigiri anayi.

Pa thupi la mwana, musaigwiritse ntchito ngakhale kamodzi.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zitatu anadzuka usiku thupi lili moto. Choyezera chomwe ndinali nacho ndi chomwe ndinabwera nacho kuchokera kumudzi, ndipo chinaonetsa 38.5. Ndinaimbira foni kuchipatala, namwino n'kundifunsa kuti thupi latentha bwanji. Mutu wanga unathamangira njira yozolowera: 38.5 kawiri ndi 77, kuwonjezera 30 ndi 107. Ndinanena 107. Namwino uja anakhala chete kamphindi, mawu ake n'kusintha, ndipo anandiuza kuti ndiwerenge nambala yomwe ili pachoyezeracho mmene ilili. Nditamuwerengera, anandiuza kuti ndi 101.3. Mwana anali ndi kutentha thupi ndithu, koma 101 ndi 107 ndi nkhani ziwiri zosiyana kutalitali. Manja anga ananjenjemera mpaka m'bandakucha. Thupi la munthu wabwinobwino, la 37°C, njira yachangu imaliika pa 104, nambala yomwe kuno imadzidzimutsa aliyense, pomwe yoona ndi 98.6.

Ndiye nayi njira yachiwiri, imene ndikufuna muisunge kwambiri kuposa yoyamba. Ili ndi sitepe imodzi yokha yowonjezera, ndipo yankho lake silongoyerekeza, ndi lenileni.

Chulukitsani kawiri. Pa zomwe mwapezazo chotsanipo chakhumi chake. Kenako wonjezerani 32.

Chakhumi tonse timachidziwa, ndipo kuchipeza n'kosavuta: mungosuntha kadontho malo amodzi kumanzere. Chakhumi cha 60 ndi 6, cha 74 ndi 7.4, cha 360 ndi 36. Tiyese 30°C. Kawiri ndi 60. Kuchotsa 6 kutsala 54. Kuwonjezera 32 ndi 86. Ndendende. Tiyese 37: kawiri ndi 74, kuchotsa 7.4 kutsala 66.6, kuwonjezera 32 ndi 98.6. Nanga 38.5 ya mwana wanga ija? 77, kuchotsa 7.7 kutsala 69.3, kuwonjezera 32 ndi 101.3, nambala yomwe namwino anandipatsa. Chimene chimapangitsa kuti izi zitheke n'chakuti 2 mukamuchotsera chakhumi chake, chomwe ndi 0.2, amatsala 1.8. Mwachita masamu enieni aja, kungoti mwadzera njira yomwe mutu umakwanitsa kuyenda popanda pepala.

Ngati kadontho kakukusokonezani, chotsani kaye nambala yathunthu yoyandikira. Pa 74 kuchotsa 7.4, ine ndimayamba ndi 74 kuchotsa 7, kutsala 67, kenako ndimachotsa ka 0.4 kaja, kutsala 66.6. Pa nyengo mutha kukasiya kakang'onoko osakawerengera.

Amene muli ndi ana, nambala imodzi muiloweze pamtima osadikira kuiwerengera: 38°C ndi 100.4°F. Pamenepo ndi pomwe achipatala amayambira kunena kuti thupi latentha, ndipo khanda losakwana miyezi itatu likafika pamenepo ndi lothamangira nalo kuchipatala, osadikira kuti kuche. 39 ndi 102.2, 40 ndi 104.

Ku khitchini nako njira ya 30 ija imapsereza zinthu. Kope langa la maphikidwe, lomwe ndinalemba ndili kumudzi, limati keke iphikidwe pa 180°C. Njira ya kawiri ndi 30 ikupatsani 390. Njira ya chakhumi ikuti 360 kuchotsa 36 ndi 324, kuwonjezera 32 ndi 356, ndipo pa uvuni wa kuno mutembenuzira pa 350 yomwe ili pafupi. Kusiyana kwa 350 ndi 390 mukuona ndi maso: pamwamba keke yada bii, m'kati mudakali phala. Masikono a 200°C ndi 400 kuchotsa 40, kuwonjezera 32, zomwe ndi 392, choncho muika pa 400.

Pali kanthu kena kosangalatsa pa manambala a uvuni. Pa 160°C, kawiri ndi 320, chakhumi chake ndi 32. Mukuchotsa 32 n'kubwezeranso 32, ndiye yankho ndi 320 yomweyo. Izi zikutanthauza kuti pa kutentha kophikira mutha kungochulukitsa kawiri osawonjezera kalikonse: 180 ikhala 360 pomwe yoona ndi 356, 200 ikhala 400 pomwe yoona ndi 392. Mukafika ku 220 yayamba kutaya, ikupatsani 440 m'malo mwa 428, koma pa keke ndi masikono imakwanira.

Kuzizira kodutsa ziro kumafuna kusamala pang'ono, makamaka kwa ife amene kuzizira komwe tinkakudziwa ndi kwa Juni ku Dedza kapena chiperoni cha ku Thyolo. Kuno mu Januwale, mphepo ikamawomba kuchokera ku nyanja ya Michigan, foni yanga yomwe ndinaisiya pa Seshasi imatha kuonetsa −10. Kawiri ndi −20. Kuchotsa chakhumi apa ndi kuichepetsa nambalayo kuti isendere ku ziro, choncho 20 akhala 18, ndipo tili pa −18. Kuwonjezera 32 tifika pa 14°F. Njira yachangu ikanakupatsani 10. Muzikumbukiranso kuti ziro wa Farenihaiti si ziro wathu. Aneba akanena kuti usiku uno kufika ziro, akunena pafupifupi −18°C, kuzizira kwa m'firiji yosungira nyama. Miyeso iwiriyi imakumana malo amodzi okha, pa −40, pomwe nambala ndi imodzi mbali zonse.

Tsiku lomwe mutu watopa, pali makwerero oti mungogwira. Madigiri 10 alionse a Seshasi ndi 18 a Farenihaiti, choncho 0 ndi 32, 10 ndi 50, 20 ndi 68, 30 ndi 86, 40 ndi 104. Mukafuna 22°C, imani pa 20 yomwe ndi 68, madigiri awiri otsalawo muwawerenge pafupifupi awiriawiri, mufika cha pa 72, ndipo yeniyeni ndi 71.6. Umu ndi mmene ndimaikira kutentha kwa m'nyumba. Palinso manambala awiri ongotembenuza: 16°C ndi pafupifupi 61°F, ndipo 28°C ndi pafupifupi 82°F.

Pobwerera, wailesi ikanena Farenihaiti inu n'kufuna Seshasi, yendani chammbuyo: chotsani 30, zotsalazo muzigawe pakati. 80°F kuchotsa 30 ndi 50, theka lake ndi 25, pomwe yoona ndi 26.7. Nayonso ndi ya nyengo yokha.

Mwana wanga uja tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Lamlungu lililonse tikamayankhula ndi agogo ake pafoni, iwo amayamba ndi kudandaula za dzuwa, ndipo iye amawafunsa kuti, "Agogo, wailesi yati madigiri angati lero?" Sabata yatha anati 35. Ndinamuona akuwerenga milomo ikugwedera: 70, kuchotsa 7, 63, kuwonjezera 32. Anatembenukira kwa mnzake yemwe anabwera kudzacheza n'kumuuza kuti kwa agogo ake kuli 95.