Pepani chifukwa cha mbale zosweka: zina tikutumizirani mawa Lachinayi

Okondedwa Mayi Gondwe,

Uthenga wanu ndi zithunzi zitatu zija ndaziona m'mawa uno nditangotsegula sitolo. Pepani kwambiri, mayi. Munalipira ndalama zonse pa 10 Febuluwale, ife tinakulonjezani kuti katundu afika ku Mzuzu Lachitatu pa 12, koma mwalandira dzulo pa 18, katoni ili yonyowa, mbale zazikulu zinayi zitasweka, makapu awiri zogwirira zitathyoka. Komanso munatiyimbira kawiri sabata yatha, ndipo kawiri konseko munangouzidwa kuti "katundu ali m'njira". Yankho limenelo silinali loyenera kwa munthu amene akukonzekera chinkhoswe cha mwana wake.

Ndafufuza kuti ndidziwe chomwe chinachitika. Katoni yanu inachoka kuno ku Limbe Lachiwiri pa 11 madzulo. Itafika ku Lilongwe inatsitsidwa kuti ikwezedwe m'galimoto ina yopita kumpoto, koma pepala lomwe tinamata pamwamba, lokhala ndi dzina lanu ndi nambala ya foni, linali litanyowa ndi mvula n'kufufutika. Inakhala pakona ya depoti masiku asanu, katundu wina akusanjikizidwa pamwamba pake, mpaka mnyamata wathu atapita yekha kukaizindikira Lolemba.

Zakuchedwazo tikukambirana ndi onyamula katunduwo, koma za kuswekazi sindingaloze chala munthu wina. Ndayang'anitsitsa chithunzi chachiwiri chija, chomwe chikuonetsa m'kati mwa katoni. Mbale zinasanjikizidwa zisanu ndi imodzi pamodzi, pakati pake pali nyuzipepala imodziimodzi basi, ndipo makapu anangoikidwa m'mbali popanda chowatchinga. Umo timapakira katundu wopita ku Ndirande kapena ku Chilomoni. Wopita ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 600 pa msewu wa M1, nyengo ya mvula ngati ino, sapakidwa choncho. Tinalakwitsa ndife, ndipo amene anayenera kuona katoniyo isanamatidwe ndine.

Madzi akatayika sawoleka, komabe chinkhoswe ndi cha pa 1 Malichi, ndiye nthawi ikadalipo. Tikutumizirani seti yonse yatsopano ya zidutswa 24, osati zisanu ndi chimodzi zoswekazo zokha. Chifukwa chake n'chakuti mbale za maluwa abuluu zomwe tili nazo pano zinabwera ulendo wina, ndipo mtundu wake ndi wakuderako pang'ono. Patebulo la alendo kusiyanako kungaoneke. Yatsala seti imodzi yokha, ndaichotsa kale pashelefu n'kulembapo dzina lanu. Simulipira kalikonse, ngakhale ya mayendedwe. K15,000 yotumizira yomwe munapereka poyamba ija tikubwezerani lero pa Airtel Money, pa nambala yomwe munalipirira.

Zomwe zapulumuka m'katoni yoyambayo musavutike n'kuzibweza. Zisungeni, zikathandiza kukhitchini tsiku la mwambo, poti pa chinkhoswe mbale sizikwana.

Ulendo uno ndipakira ndekha. Mbale iliyonse ikulungidwa payokha, pakati tiikapo makatoni odula, makapu alowa m'kabokosi kawo, kenako zonse tiika m'beseni lapulasitiki lolimba n'kukuta ndi pepala lapulasitiki kuti madzi asalowe. Dzina lanu tilemba ndi maka pabeseni penipenipo, mbali ziwiri. Katunduyu anyamuka mawa Lachinayi pa 20 pa galimoto yopita ku Mzuzu mwachindunji, yosatsitsa katundu ku Lilongwe, ndipo ayenera kufika Lachisanu m'mawa. Akangokwezedwa ndikutumizirani chithunzi cha lisiti, ndipo Lachisanu ndikuyimbirani ndekha nthawi ya 10 koloko. Chonde mukatsegule beseni pomwepo musanasaine, kuti ngati pali kena kalikonse tidziwe nthawi yomweyo.

N'kutheka kuti mwatopa nafe, kapena mwapeza kale mbale zina kumeneko. Ngati zili choncho sitikukakamizani, tikubwezerani K185,000 yanu yonse pamodzi ndi ya mayendedwe ija lero lomwe. Ndingopempha kuti mundiyankhe pa kalata ino isanakwane 9 koloko mawa m'mawa, kuti ndidziwe ngati ndipakire kapena nditumize ndalama. Mundiuzenso ngati amene akalandire katundu ndi inu nomwe kapena mutuma wina, kuti dzina lake tilembe pa lisiti.

Pepaninso chifukwa cha nkhawa yomwe takupatsani pa nthawi yomwe muli ndi zambiri zoti muganizire. Tikufunira mwana wanu ndi banja lonse mwambo wabwino.

Ine wanu,
Tiyamike Banda
Woyang'anira zotumiza katundu, sitolo ya ku Limbe