Lipoti la kawunikidwe ka ntchito ya a Madalitso, chaka cha 2024

Wowunikidwa: a Madalitso, kalaliki wa kusitoko, chaka chachiwiri pa ntchitoyi
Wowunika: Tiyamike, supavayiza wa kusitoko
Nthawi yowunikidwa: Januwale mpaka Disembala 2024
Tinakhala pansi kukambirana pa 14 Januwale 2025

Malikisi akuyambira 1 mpaka 5. Ndifotokozeretu poti ambiri akaona 3 amakhumudwa: 3 ndiye kuti munthu akugwira ntchito yomwe tinamulembera bwinobwino, 4 akupitirira pamenepo, 5 ndi wopambana kwambiri ndipo amaperekedwa mwa apo ndi apo, 2 pali zoti zikonzedwe, 1 zinthu sizikuyenda.

Kulondola kwa sitoko: 4

Apa ndiye pali mphamvu ya a Madalitso. Chaka chathachi tinawerenga katundu yense kanayi, ndipo pa kuwerenga kwa mu Malichi mitundu 14 ya katundu mwa mitundu 620 sinagwirizane ndi zomwe zili m'buku, pofika Disembala inatsala itatu yokha ndipo itatuyo anatha kufotokoza pomwe panalakwika. Sizinangochitika zokha ayi, anayamba kulemba khadi la pa shelefu nthawi yomweyo katundu akutuluka m'malo modikira madzulo ngati momwe tinkachitira kale.

Zomwe ndinaona ndi maso anga ndi za mu Meyi. Lole inabwera ndi makatoni a penti, pepala la dilivale likuti 40, iwo atawerenga anapeza 36. Dalaivala anali pachangu, akuti sainani basi otsalawo tibweretsa mawa, mpaka kukweza mawu, koma a Madalitso anawerenganso kachiwiri dalaivalayo akuona, analemba 36 papepalapo, onse awiri anasaina, kenako anandiimbira foni. Sanakalipe, sanagonjenso. Makatoni anayi aja anabwera patatha sabata ndipo sitinalipire zomwe sitinalandire. Sindinapereke 5 chifukwa katundu wobwezedwa ndi madipatimenti nthawi zina amakhala pakona masiku angapo asanalowe m'buku.

Kusamala katundu: 4

Mashelefu ali ndi malebulo, katundu wolowa kale ndi amene akuyamba kutuluka, ndipo chaka chonse palibe chomwe tinataya chifukwa chopitirira deti.

Malipoti a pamwezi: 2

Apa tinakambirana nthawi yayitali ndipo ndikufuna zilembedwe mwachilungamo. Lipoti la sitoko limayenera kufika ku akawunti pofika pa 5 mwezi uliwonse. Pa malipoti 12, asanu anachedwa. Awiri mwa asanuwo, la Julayi ndi la Ogasiti, sindikuwawerengera a Madalitso chifukwa nthawi imeneyo kompyuta ya kusitoko inali itafa ndipo mnzawo amene ankagawana naye ntchito anali atasiya, iwo anatsala okha miyezi iwiri ndi theka akulandira katundu, kutulutsa komanso kulemba. Vuto limenelo ndi lathu ngati oyang'anira, ine ndemwe ndinachedwa kukakamiza kuti kompyuta ina ibwere.

Koma atatu enawo, la Febuluwale, la Okutobala ndi la Novembala, panalibe chowaletsa. Chomwe ndaona ndi chakuti manambala amakhala olondola ndithu koma amawaphatikiza pa kakyuleta mzere ndi mzere kenako n'kumataipa mu Excel, ntchito yoti itenge maola awiri imawadyera masiku atatu, ndiye akawunti amakanika kutseka mabuku awo a mwezi akudikira ife. Si ulesi, ndi luso lomwe sanaphunzitsidwe, ndipo lingatheke kuphunzira chaka chino chomwe.

Kugwira ntchito ndi anzawo: 4

Kalaliki watsopano atabwera mu Seputembala anamuphunzitsa okha popanda wowatuma, mpaka anamulembera kapepala ka ndondomeko yolandirira katundu komwe kamatidwa pakhoma mpaka pano. Amadipatimenti ena sanabweretse dandaulo lililonse.

Kunena mavuto msanga: 3

A Madalitso ali ndi chizolowezi chofuna kuthana ndi vuto okha mwakachetechete. Nthawi zambiri zimathandiza, koma denga litayamba kudontha kuseri kwa shelefu yachitatu anangosuntha katundu n'kuikapo ndowa osandiuza, ndinadziwa patatha masabata awiri makatoni asanu a mapepala atanyowa. Atafunsidwa anati sankafuna kuoneka ngati odandaula. Ndawauza, ndipo ndikubwereza pano, kunena kuti denga likudontha si kudandaula, ndi mbali ya ntchito yawo, ndipo palibe amene adzawaone moipa chifukwa cha zimenezo.

Kusunga nthawi: 4

Amafika nthawi yabwino, ndipo masiku owerenga sitoko amatsala mpaka ntchito ithe.

Malikisi onse pamodzi ndi 21 pa 30, avereji 3.5. Kunena mwachidule akugwira bwino ntchito ndipo mbali zina akupitirira zomwe timayembekezera, 2 wa malipoti uja asaphimbe zonsezi.

Zomwe tagwirizana za 2025

Poyamba iwo anapempha kuti tilembe zolinga zisanu ndi chimodzi kuphatikizapo kuyamba dipuloma, ine ndinakana, osati chifukwa sangathe koma ndaonapo mapepala odzaza zolinga omwe pofika Juni palibe amawakumbukira. Tasankha zitatu.

Choyamba ndi malipoti. Kuyambira lipoti la Epulo, onse azifika pofika pa 5. Miyezi itatu yoyambayi ndi yophunzira, azikhala ndi mmodzi wa ku akawunti ola limodzi Lachitatu lililonse kuphunzira Excel, makamaka SUMIF ndi VLOOKUP, ndipo pofika kumapeto kwa Malichi akhale atapanga fayilo yawoyawo yomwe iziphatikiza yokha. Ola limenelo ndi la nthawi ya ntchito osati la lanchi, kusitoko ndizikhalako ine.

Chachiwiri, katundu wobwezedwa azilowa m'buku tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mawa, ndipo pa kuwerenga kulikonse mitundu yosagwirizana isapitirire isanu. Sindinalembe ziro dala, munthu ukamuuza kuti pasapezeke cholakwa ngakhale chimodzi amayamba kubisa.

Chachitatu, Lachisanu lililonse azinditumizira uthenga waufupi, mizere itatu basi, wonena chomwe chawonongeka, chomwe chatsala pang'ono kutha ndi chomwe chikuwadetsa nkhawa. Ngakhale palibe kanthu alembe kuti palibe.

Kumbali yanga ndalonjeza kuti za denga ndizitsatira mpaka likonzedwe, ndipo wina akapita ku tchuthi kapena akasiya ndizipeza wothandizira pasanathe sabata. Za dipuloma sitinazitaye, tidzazionanso pa kukumana kwathu kwa mu Julayi, ndipo malipoti akakhala kuti akuyenda ndidzalemba kalata yowavomereza ku ofesi yoona za antchito.

Ndemanga ya a Madalitso

Ndawerenga lipotili ndipo zambiri ndikugwirizana nazo. Pa malipoti ndimaona ngati 3 akanakhala bwino poti manambala anga sanabwezedwepo kuti ndi olakwika, koma ndamva chifukwa chake ndipo za kuchedwa sindikukana. Ndikupempha kuti maphunziro a Lachitatu aja asamasinthidwesinthidwe kukachuluka ntchito, chifukwa ndi pomwe ndikudalira. Za denga ndavomera, ndinayenera kunena tsiku lomwelo.

Yankho la supavayiza

Pempho la Lachitatu ndalilandira, likalephereka sabata ina tizibwezera Lachinayi. Malikisi a malipoti akhala 2 monga ndalembera, koma ndemanga yawo ikhala mufayilo limodzi ndi lipotili, ndipo mu Julayi tidzawunikanso mbali imeneyi payokha.

Asaina: Madalitso, kalaliki wa kusitoko, 16 Januwale 2025
Asaina: Tiyamike, supavayiza wa kusitoko, 16 Januwale 2025